Malikisi a ngongole: nambala imene imakuyankhulirani kubanki inu musanatsegule pakamwa

Pa okala zambiri za ku Ndirande, ku Bangwe ngakhale ku Chilomoni, kuseri kwa shelefu ya sopo ndi shuga kumakhala kakope kokutha m'mbali. Kakopeko ndi ka ngongole. Kutsogolo mwini okala akhoza kulemba kuti "ngongole mawa", koma pali anthu ena amene amawapatsa ndithu buledi ndi mafuta ophikira kuti adzalipire pakutha pa mwezi. Amadziwa kuti mayi a pa nyumba ya buluu amabweza pa 28 osaphonya. Amadziwanso kuti mnyamata uja anatenga mayunitsi mu Malichi, ndipo kuyambira pamenepo amazungulira njira ya kuseri. Mwini okala sawerengera pa pepala, koma m'mutu mwake aliyense ali ndi malikisi ake.

Banki ilibe mwayi umenewo. Mlembi wa ngongole wa pa Victoria Avenue sadziwa kumene mumagona, sanakuonenipo mukubweza ngongole ya munthu, ndipo tsiku limodzi amalandira mafomu a anthu ambirimbiri. Choncho amadalira nambala imene anthu a m'mabanki amaitchula kuti kirediti sikowa. Ife tiziitchula kuti malikisi a ngongole. Anthu ambiri amaimva koyamba tsiku limene akanizidwa ngongole, pomwe auzidwa mwachidule kuti "dzina lanu lili ku CRB". Ena amabwerako akuganiza kuti alembedwa m'buku la akuba. Nkhaniyi siili choncho, ndipo ndi bwino kuimasula pang'onopang'ono.

Mbiri ya ngongole ndi amene amaisunga

Tisanafike pa malikisi, pali chinthu chimene malikisiwo amachokerako: mbiri ya ngongole. Imeneyi ndi kaundula wa ngongole zonse zimene munthu anatengapo kumabungwe obwereketsa ndalama. Mumalembedwa dzina, nambala ya chiphaso, bungwe limene linabwereketsa, tsiku lotenga, ndalama zimene zinatengedwa, zimene zatsala, ndiponso mmene munthuyo wakhala akubwezera mwezi ndi mwezi. Mumaonekanso mabungwe amene anafunsapo za munthuyo posachedwa.

Amene amasunga kaundulayu ndi makampani apadera otchedwa mwachidule CRB. Iwo sabwereketsa ndalama, ndipo si iwo amene amavomera kapena kukana pempho la ngongole. Ntchito yawo ndi kutolera zimene mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa awatumizira, kuzilumikiza pa dzina la munthu mmodzi, n'kuzigulitsa kwa wobwereketsa wina akafunsa. Tiyerekeze kuti eni okala onse a mumsika wa Limbe agwirizana kuti madzulo alionse azikapereka makope awo kwa mlembi mmodzi. Amene wathawa ngongole pa okala ya kumtunda sangakakongolenso pa ya kumunsi ngati mlendo. Koma onaninso mbali inayo: amene wakhala akubweza bwino kumtundako akafika kumunsi sayambiranso pa ziro, mbiri yake yabwino yamutsogolera.

Ntchitoyi ndi yakale. Ku America, kampani imene lero imatchedwa Equifax inayamba mu 1899 mumzinda wa Atlanta ndi dzina loti Retail Credit Company, ndipo poyamba inkatolera mbiri za makasitomala a masitolo. M'kupita kwa zaka makampani oterewa anayamba kulemba ndi zosayenera zomwe, monga mphekesera za khalidwe la munthu ndi za m'banja mwake. Madandaulo atachuluka, mu 1970 dzikolo linakhazikitsa lamulo lopatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kutsutsa zolakwika.

Kuno kwathu lamulo la makampani a CRB linabwera mu 2010, ndipo amawapatsa chilolezo ndi kuwayang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi. Mayina amene mungawamve ndi Credit Data CRB ndi TransUnion. Zaka zoyambirira zinthu zinkayenda mwapendapenda, chifukwa mabanki ankaopa kuphwanya chinsinsi cha makasitomala awo, mpaka lamuloli linakonzedwanso mu 2016 kuti kupereka mbirizi kukhale udindo wawo. China chimene chinasintha zinthu ndi chiphaso cha unzika, chimene kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017. Chisanabwere chiphasochi, kusiyanitsa a Banda awiri obadwa chaka chimodzi inali ntchito yovuta, ndipo munthu mmodzi ankatha kukhala ndi mayina olembedwa mosiyana m'mabanki atatu.

Ndiye apa pali chinthu choyamba chofunika kuchimvetsa. Kukhala "ku CRB" pakokha si mlandu. Aliyense amene anatengapo ngongole kubungwe lotumiza mbiri ali kumeneko, wobweza bwino ndi wobweza moipa yemwe. Funso ndi lakuti pa dzina lakelo palembedwa chiyani. Chimene chikadali chosatheka kuyankha mofanana kwa aliyense ndi chakuti mabungwe onse obwereketsa, makamaka ang'onoang'ono, amatumiza mbiri zawo mokwanira ndi pa nthawi yake kapena ayi.

Malikisi enieniwo

Mbiri ya ngongole ikhoza kukhala masamba angapo. Malikisi ndi nambala imodzi yofinyidwa kuchokera m'masamba amenewo. Fanizo lapafupi ndi la mayeso a Fomu 4: mwana amalemba mapepala ambiri, koma posankha opita kuyunivesite anthu amayang'ana mapointi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mayeso aja mapointi ochepa ndiwo abwino, pomwe pa ngongole nambala yokwera ndiyo yabwino.

Nambalayi imayankha funso limodzi lokha: mwa anthu amene mbiri yawo ikufanana ndi ya munthu uyu, ndi angati amene adzalephere kubweza? Ndi ulosi wochokera pa masamu. Siyeza chuma cha munthu, ndipo siyeza ulemu wake. Munthu wa nyumba ku Namiwawa akhoza kukhala ndi malikisi otsika ngati amanyozera masiku obweza, pomwe mlonda wa pa geti lake ali ndi okwera.

Njirayi anaitchukitsa ndi anthu awiri a ku America, injiniya Bill Fair ndi katswiri wa masamu Earl Isaac, amene anayambitsa kampani yawo mu 1956. Kampaniyo ndi imene lero imatchedwa FICO, ndipo mu 1989 inatulutsa malikisi ogwiritsidwa ntchito ndi obwereketsa osiyanasiyana. Malikisi a FICO amayambira pa 300 kulekezera pa 850, ndipo amalosera mpata woti munthu achedwetse ngongole masiku 90 kapena kuposerapo m'miyezi 24 ikubwerayo.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukamva ngakhale masamu ake ali ozama. Akatswiri amatenga mbiri za anthu masauzande ambiri monga zinalili zaka ziwiri zapitazo, n'kuona amene anadzabweza bwino ndi amene anadzalephera. Kenako amafufuza zizindikiro zimene zinkasiyanitsa magulu awiriwa kalelo, zinthu zisanaonongeke. Chizindikiro chimene chikusiyanitsa kwambiri amachipatsa mapointi ambiri, chofooka amachipatsa ochepa. Munthu watsopano akabwera, makina amaphatikiza mapointi ake. Mwachitsanzo chabe, tinene kuti mwa anthu 100 a malikisi okwera awiri okha ndiwo analephera, pomwe mwa 100 a malikisi otsika analephera 30. Banki ikaona munthu wa gulu lachiwirili sidziwa ngati iye ali mwa 30 aja kapena mwa 70 otsalawo. Imangodziwa kuti chiopsezo n'chachikulu, ndiye imakana, kapena imachepetsa ndalama, kapena imakweza chiwongoladzanja, kapena imafuna chikole. Apa ndi pamene anthu 70 abwinobwino amalipirira zolakwa za anzawo 30, ndipo ine ndimaona kuti ichi ndicho chowawa chenicheni cha njira imeneyi, ngakhale oiteteza amanena kuti mlembi woweruza ndi maso amalakwitsa koposa.

Munthu sakhala ndi malikisi amodzi okha. Kampani iliyonse ya CRB ili ndi kawerengedwe kake ndi malire ake a nambala, ndipo mabanki ambiri ali ndi kawerengedwe kawokawo ka m'kati. Choncho 650 ya kampani ina si 650 ya kampani inzake. Manambala a FICO ndi a ku America. Tiwagwiritsa ntchito pano chifukwa kampaniyo inaulula poyera kulemera kwa gawo lililonse, ndipo mitu yake ndi yomweyo imene obwereketsa ambiri padziko amayang'ana, koma sitikunena kuti makampani a kuno amagawa chimodzimodzi. Funso lotsala ndi lakuti munthu wamba ayenera kuuzidwa zochuluka bwanji za kawerengedweka. Makampani amati akaulula zonse anthu azidzachenjerera makina, pomwe oimira ogula amati munthu sangakonze chimene sakuchiona.

Kabwezedwe: gawo lolemera kuposa onse

Pa malikisi a FICO, 35 peresenti imachokera pa mmene munthu wakhala akubwezera. Palibe gawo lina loposa pamenepa, ndipo n'zomveka: amene anachedwa dzulo ndiye amene amakonda kuchedwanso mawa.

Kuchedwa kumayezedwa ndi masiku, m'magulu a 30, 60 ndi 90. Makina amafunsa zinthu zitatu. Munachedwa masiku angati? Zinachitika liti? Zachitika kangati? Kuchedwa kamodzi masiku 35 zaka zinayi zapitazo n'kopepuka poyerekeza ndi kuchedwa masiku 95 miyezi itatu yapitayo. Malire a masiku 90 ndiwo oopsa, chifukwa pamenepo mabanki amayamba kuiona ngongoleyo ngati yosayenda, ndipo amayenera kupatula ndalama zoti zidzakwirire ikadzatayika. Kupitirira apo pamabwera zolemera zina: ngongole imene banki yaifafaniza m'mabuku ake itataya mtima, katundu wolandidwa, chigamulo cha khothi.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri n'chakuti kukula kwa ngongole sikuteteza. Ngongole ya pafoni ya K20,000, yotengedwa usiku mwana atadwala kenako n'kuiwalika simu itatayika, ikatumizidwa ku CRB imaoneka ngati ngongole yosabwezedwa basi. Mlembi amene akuona fomu yanu ya K2,000,000 amadzifunsa kuti ngati zing'onozing'ono zinakanika, zazikulu zitheka bwanji. Ku Kenya vuto limeneli linakula kwambiri moti mu 2020 banki yaikulu ya dzikolo inalamula kuti ngongole zosakwana mashilingi 1,000 zisamaipitse mbiri ya munthu.

Palinso njira zina zimene dzina limadetsedwera munthu asakudziwa. Ina ndi ya ngongole zodula kumalipiro. Pa peyisilipi zikuoneka kuti abwana adula, koma ndalamazo zafika kubanki patapita milungu isanu ndi umodzi. M'makina a banki wochedwa ndi wantchitoyo. Ina ndi ya kusainira mnzako ngati mboni yomuimira. Ambiri amasaina poganiza kuti akungochitira umboni kuti amamudziwa, koma chimene asaina n'chakuti iye akalephera adzabweza ndi iwo. Ina ndi ya ngongole za m'magulu, pamene mmodzi akathawa gulu lonse limaoneka kuti lili ndi ngongole yotsalira.

Kumaliza kubweza ngongole yochedwa kumathandiza, koma sikufufuta mbiri tsiku lomwelo. Kaundula amasintha n'kuonetsa kuti ngongoleyo yatha, koma kuchedwa kuja kumaonekabe kwa nthawi, mphamvu yake ikucheperachepera. Ku America zoipa zambiri zimachotsedwa pakatha zaka 7. Apa anthu amatsutsana. Obwereketsa amafuna chikumbumtima chachitali kuti adziteteze. Ena amafunsa ngati n'chilungamo kuti munthu amene anachedwa chifukwa madzi a namondwe Freddy anakokolola katundu wake ku Chilobwe mu 2023 aziwerengedwa mofanana ndi amene anangonyozera.

Ngongole zimene muli nazo kale

Gawo lachiwiri, 30 peresenti pa FICO, ndi kuchuluka kwa ngongole zimene munthu wasenza panopa. Pano makina sayang'ana nambala yokha, amayerekeza ndi malire amene munthuyo anapatsidwa. Wamalonda amene banki inamulola ovadirafiti ya K500,000 ndipo mwezi uliwonse amakhala atadya K450,000 akugwiritsa ntchito 90 peresenti ya malire ake. Ngakhale sanaphonyepo, akuoneka ngati minibasi yodzaza mpaka pakhomo pa mtunda wa Soche: ikuyenda, koma bampu imodzi yokha ndi yokwanira. Mnzake amene amadya K100,000 pa malire omwewo ali pa 20 peresenti, ndipo akuonetsa kuti ali ndi popumira. Pa ngongole zobweza mwezi ndi mwezi, amayang'ana kuti pa zimene munatenga zatsala zingati. Amawerenganso kuti muli ndi ngongole m'malo angati, chifukwa munthu wokongola kunayi nthawi imodzi kawirikawiri amakhala akukumba dzenje ili kuti akwirire lija.

Gawoli linapangidwira dziko limene anthu ambiri amayenda ndi makadi a ngongole. Kuno makadi otero ali ndi anthu ochepa, ndiye ndi funso lenileni kuti gawoli liyenera kulemera bwanji pamene ngongole zambiri ndi za malipiro, za pafoni ndi za m'magulu.

Zitatu zopepukirapo

Kutalika kwa mbiri kumatenga 15 peresenti. Amene wakhala akukongola ndi kubweza kwa zaka khumi amadziwika bwino kuposa amene anayamba mu Janyuwale. Ngongole zatsopano zimatenga 10 peresenti: nthawi iliyonse imene mwapempha ngongole ndipo wobwereketsa wafunsa ku CRB, pamatsala chidindo. Kufunsa kumodzi si kanthu, koma zidindo zisanu m'mwezi umodzi zimaonetsa munthu amene akuthamanga khomo ndi khomo. Kudzifunsira wekha mbiri yako sikuwerengedwa m'gulu limeneli. Yotsala 10 peresenti ndi ya mitundu ya ngongole, kuona ngati munthu anayendetsapo bwino ngongole zosiyana.

Pa zitatuzi, choyamba chija ndicho chimatikhudza kwambiri. Pali anthu amene amanyadira kuti sanakongolepo kubanki chibadwire, ndipo amayembekeza kuti malikisi awo akhala apamwamba. Zoona zake n'zakuti makina alibe chowerenga. FICO siitulutsa n'komwe malikisi kwa munthu amene alibe akaunti ya ngongole imene yakhala miyezi isanu ndi umodzi. Taganizani za mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe amene wakhala mu banki m'khonde zaka zisanu ndi zitatu, amakongola kawiri pa chaka, sanaphonyepo. Ali mu chipereganyu cha anthu khumi ndipo tsiku lake loponya salidumpha. Anzake onse angamuikire umboni. Koma makope a banki m'khonde amathera m'bokosi la maloko atatu, safika ku CRB, choncho kubanki mayiyu ndi mlendo. Katapila nayenso salemba kumeneko, zabwino kapena zoipa. Momwe mbiri zoterezi zingalowere m'kaundula popanda kuononga kukhulupirirana kumene kumayendetsa maguluwa ndi nkhani imene sinapeze yankho.

Zimene banki imaonjezera payokha

Malikisi a FICO sawerengera malipiro a munthu, ntchito yake, msinkhu wake, chipembedzo, mtundu, kapena ngati ali pabanja. Zina mwa izi lamulo la ku America la 1974 linaletsa kuzigwiritsa ntchito posala anthu pa ngongole. Koma malipiro ndi ntchito banki imaziyang'ana ndithu, payokha, chifukwa malikisi amanena za chizolowezi chobweza, sanena ngati ndalama zobwezerazo zilipo. N'chifukwa chake amakufunsani mapeyisilipi, sitetimenti ya akaunti ya miyezi ingapo, kalata ya kuntchito, ndipo pa ngongole zazikulu chikole monga pepala la nyumba kapena bulubuku ya galimoto. Uku n'kuyeza kwakale kwa obwereketsa, kumene kunalipo makompyuta asanabwere: khalidwe la wokongola, mphamvu zake zobwezera, chuma chake, chikole, ndi mmene zinthu zilili m'dziko. Malikisi anangotenga mbali yoyambayo n'kuisandutsa nambala.

Tiyeni tione chitsanzo chongopeka, ndi manambala ongoyerekeza. Bambo wina ndi kalaliki pa kampani ina ku Ginnery Corner, ndipo akadula msonkho ndi penshoni amatenga K600,000 pa mwezi. Akufuna K2,000,000 yoti amalizire kufolera nyumba ku Machinjiri, kubweza miyezi 24. Banki yawerengera kuti azibweza pafupifupi K120,000 pa mwezi.

Mlembi akuitanitsa mbiri yawo. Mukuoneka ngongole ya kubanki ina imene amabweza K110,000 pa mwezi. Yakhala miyezi 14, ndipo miyezi 13 yalembedwa kuti inabwera pa nthawi, koma mwezi umodzi walembedwa kuti unachedwa masiku opitirira 30. Mukuonekanso ngongole ya kubungwe laling'ono, K60,000 pa mwezi, yoyenda bwino. Pansi pake pali K20,000 ya pafoni, yosabwezedwa masiku opitirira 120. Ndipo m'milungu itatu yapitayi mabungwe ena awiri afunsapo za iwo.

Malikisi atuluka apakatikati, otsamira kumunsi. Chowakokera pansi kwambiri ndi K20,000 ija, chifukwa ndi yaposachedwa ndipo yadutsa masiku 90. Mwezi wochedwa uja ukuonjezera, zidindo ziwiri zija zikuchotsa pang'ono. Miyezi yambiri yobweza bwino ndiyo ikuwagwira kuti asagwere pansi penipeni.

Kenako mlembi akutenga kakyuleta. K110,000 kuphatikiza K60,000 kuphatikiza K120,000 yatsopanoyo ndi K290,000. Pa K600,000 imeneyo ndi 48 peresenti. Banki iliyonse ili ndi malire ake, koma tinene kuti iyi silola kupitirira 40 peresenti, kutanthauza K240,000. Bambowa akulipira kale K170,000, ndiye mpata wotsala ndi K70,000 yokha, imene pa miyezi 24 ikukwanira ngongole ya pafupifupi K1,150,000. Onani kuti apa pali zipata ziwiri zosiyana. Ngakhale malikisi awo akanakhala apamwamba zedi, K2,000,000 sakanaipeza, chifukwa malipiro sakulola. Ndipo malipiro akanakhala owirikiza, K20,000 ija ikanawapingabe.

Atauzidwa, bambowa anati, "Koma achimwene, ya pafoniyo ndi ya chaka chatha, simu yake inatayika. Nanga mwezi wochedwawo, onani peyisilipi iyi, anadula."

Mlembi anayankha kuti, "Bambo, ine ndikuona zimene zalembedwa. Kabwezeni ya pafoniyo mutenge umboni wolipira. Za mwezi uwo, katengeni kalata kuntchito kwanu yonena tsiku limene anatumiza ndalama, mupite nayo kubanki imene inakulembaniyo. Iwowo ndi amene angakonze."

Yankho limeneli ndi lolondola, ndipo likuonetsa mmene kukonza kumayendera. CRB imalemba zimene yapatsidwa, choncho cholakwika chimakonzedwa kuchokera kwa amene anachitumiza. Munthu ali ndi ufulu wopempha mbiri yake ku CRB atatenga chiphaso chake, ndi kudandaula ngati muli zolakwika. Zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi ngongole imene simukuidziwa, ngongole imene munamaliza koma ikuonekabe yotsegula, ndalama zotsala zosagwirizana ndi sitetimenti yanu, ndi ngongole imodzi yolembedwa kawiri. Ngati wobwereketsa ndi CRB sakuthandizani, dandaulo limapita kwa woyang'anira mabungwe azachuma ku Reserve Bank. Ndikanakonda anthu ambiri akanamachita zimenezi miyezi iwiri kapena itatu asanapemphe ngongole, chifukwa kukonza kumatenga nthawi, ndipo mmisiri wofolera sadikira pamene mitambo ya Novembala yayamba kusonkhana pa phiri la Ndirande. Pepala lililonse losonyeza kuti mwamaliza ngongole lisungeni ngati chiphaso cha sukulu.

Funso lotsala pa gawoli ndi la zinthu zimene wokongola sangaziletse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera pomwe malipiro a ambiri anakhala pomwepo, ndipo K170,000 ya ngongole pa K600,000 inayamba kulemera mosiyana ndi mmene inkalemerera mwezi wapitawo. Malikisi opangidwa kuchokera ku zaka zabata salosera bwino zaka zamavuto, ndipo akatswiri amasiyana maganizo pa kuti aziwakonzanso pafupipafupi bwanji.

Malikisi ochokera mufoni

Aliyense amene anakongolapo mayunitsi, kaya Kutapa kaya Pasavute, waonapo malikisi akugwira ntchito. Palibe fomu, palibe mlembi, koma makina amadziwa kuti uyu apatsidwe zochepa, uyo zochulukirapo. Amaona kuti simu yakhala nthawi yaitali bwanji, mumathira mayunitsi kangati, ndipo munabweza msanga bwanji ulendo watha. Ngongole za ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba zimayenda pa mfundo yofananayo, poyang'ana mmene ndalama zimalowera ndi kutulukira mufoni. Malire anu akakwera mutabweza bwino katatu, ndiye kuti malikisi anu akwera, ngakhale simunawaone.

Njirayi inakula ku Kenya, kumene M-Shwari inayamba mu 2012 kubwereketsa anthu potengera mbiri ya ndalama zawo za pafoni za M-Pesa. Ubwino wake ndi woonekeratu kwa mayi wa kaunjika uja: ngati makasitomala ake amamulipira pafoni, kwa nthawi yoyamba pali cholembedwa chosonyeza kuti malonda ake amayenda. Oikayikira amatchula zinthu zingapo. M'nyumba zambiri foni imodzi imagwira anthu atatu, ndipo simu ina inalembetsedwa pa chiphaso cha mlongo kapena cha malume, ndiye malikisiwo ndi a ndani? Ngongole yotengedwa pa mphindi imodzi pakati pa usiku ndi yosavutanso kuiiwala, pomwe banga lake limakhalitsa.

Mafunso amene ali patebulo ndi awa. Kodi kalipiridwe ka madzi, ka lendi ndi ka fizi kaziwerengedwa, pamene kangathandize wolipira bwino koma kangapwetekenso amene madzi anawadulira chifukwa cha bilu yolakwika? Kodi munthu akadina kuvomera pa kauthenga ka pafoni, wavomeradi kuti mbiri ya ndalama zake igulitsidwe kwa ena? Kodi pakhale ndalama yochepetsetsa imene pansi pake kulephera sikulembedwa, monga anachitira ku Kenya, kapena zimenezo zingalimbikitse anthu kunyozera ngongole zing'onozing'ono? Nanga wobweza bwino zaka zambiri aziona phindu lake pa chiwongoladzanja chotsika, kapena mbiri izingogwira ntchito pokana anthu? Ndipo makina akakana munthu popanda mlembi woti n'kumufunsa, ndani ayenera kumufotokozera chifukwa chake, m'chiyankhulo chimene iye amamva?